Kapangidwe ka makhadi a zitsanzo zenizeni pokonzekera mayeso a jogalafe ndi bizinesi

Loweruka lililonse ndimakhala ndi ophunzira angapo a Giledi 12, ana a Amalawi okhala ku Rosettenville ndi ku Turffontein kuno ku Joni, ndipo vuto limene ndimaliona kawirikawiri pa phunziro la jogalafe si ulesi ayi. Ana ambiri amawerenga ndithu, ena amakopera masamba athunthu a buku m'makope awo, koma akafunsidwa kuti afotokoze chifukwa chake namondwe wina anapha anthu ambiri m'dziko lina kusiyana ndi dziko loyandikana nalo, amangotchula ziwerengero zimene akuzikumbukira popanda kuzilumikiza ndi funsolo. Khadi la chitsanzo chenicheni, chimene aphunzitsi kuno amachitchula kuti kesi sitadi, limathetsa vuto limeneli ngati lapangidwa bwino, chifukwa malo ake ndi ochepa ndipo limakukakamizani kusankha. M'malangizo ano tipanga khadi limodzi kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, ndipo chitsanzo chathu chikhala namondwe Freddy wa mu 2023, amene ambiri a ife tinamutsatira pafoni usiku ndi usana tikudikira uthenga wochokera kwa abale a ku Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe.

Yambani ndi funso, buku libwere pambuyo

Musanadule pepala lililonse, tengani mapepala a mayeso akale a zaka zitatu kapena zinayi pamodzi ndi mayankho ake, amene ana amangowatchula kuti memo, ndipo muwerenge mafunso onse okhudza anamondwe a m'madera otentha. Pa mayeso a matiriki jogalafe ili ndi mapepala awiri a malikisi 150 lililonse, ndipo nkhani za nyengo zimabwera m'pepala loyamba. Mudzaona kuti mafunso amangozungulira pa zinthu zochepa: zimene zimafunika kuti namondwe abadwe, chifukwa chake amafooka akafika pamtunda, zotsatira zake pa anthu, pa chuma ndi pa chilengedwe, komanso njira zochepetsera ngozi. Mudzaonanso funso la ndime ya mizere pafupifupi isanu ndi itatu, limene limakhala ndi malikisi 8, kutanthauza mfundo zinayi zofotokozedwa bwino, iliyonse malikisi awiri. Zimenezi ndiye muyeso wa khadi lanu, pakuti khadi lokhala ndi mfundo makumi awiri zosalongosoka silingapose khadi la mfundo zinayi zimene mungathe kuzitambasula.

Pali chinthu china chimene ndiyenera kunena poyera. Pa mayeso a matiriki, oyesa nthawi zambiri amapereka okha kankhani, mapu kapena chithunzi cha namondwe amene akufuna, ndipo akhoza kusankha namondwe wina osati Freddy. Choncho phindu lalikulu la khadi silili m'ziwerengero zoloweza pamtima, koma m'ndondomeko ya kaganizidwe imene mungathe kuisamutsira ku namondwe aliyense. Kwa ophunzira amene akulemba mayeso a Cambridge m'masukulu ena a mumzinda muno zinthu n'zosiyana pang'ono, chifukwa kumeneko mafunso ena amafuna kuti mutchule nokha malo enieni ndi tsatanetsatane wake, ndiye mayina ndi ziwerengero zimalemera kwambiri. Dziwani mayeso amene mukulemba musanasankhe zoika pa khadi.

Pepala ndi nkhope ya khadi

Dulani pepala lolimba la A4 pakati kuti mupeze makhadi awiri. Ena amadula panayi, koma ine ndaona kuti kakhadi kakang'ono choncho kamakwanira tanthauzo la mawu amodzi basi, osati chitsanzo chathunthu. Lembani ndi dzanja, ndipo mulembe m'Chingerezi chifukwa ndicho chilankhulo cha mayeso, ngakhale kuti pano tikufotokozerana m'Chichewa. Kutsogolo kwa khadi kuikidwe zinthu zochepa kwambiri: dzina la chitsanzo, chaka, mutu wa silabasi umene chitsanzocho chikugwirizana nawo, ndi kamapu kojambula pamanja. Pa khadi lathu jambulani gombe la kum'mawa kwa Africa, chilumba cha Madagascar ndi nyanja yopapatiza ya pakati pa chilumbachi ndi Mozambique, kenaka mzere wochokera kum'mawa wosonyeza njira ya namondwe. Pa mzerewu lembani masiku atatu: 21 Febuluwale pamene anagunda Madagascar pafupi ndi Mananjary, 24 Febuluwale pamene anafika ku Mozambique pafupi ndi Vilankulo, ndi 11 Malichi pamene anafikanso ku Mozambique kachiwiri pafupi ndi Quelimane atabwerera m'nyanja n'kupezanso mphamvu. Kuchokera pamenepo muvi uloze kum'mwera kwa Malawi. Kamapu kameneka sikafunika kukongola, koma kamasunga malo amene ziganizo zisanu zikanadya.

Kuseri kwa khadi ndiko kuli ntchito yeniyeni. Gawani malowo panayi, koma magawowo asakhale ofanana: la ziwerengero likhale laling'ono, la zoyambitsa ndi la zotsatira akhale apakati, ndipo la kuunika likhale lalikulu kuposa onse, chifukwa ndilo limene ophunzira amalisiya lopanda kanthu.

Kusankha ziwerengero

Lamulo limene ndimapatsa ana ndi lakuti chiwerengero chilowe pa khadi pokhapokha ngati mungathe kumaliza chiganizo chakuti "nambala imeneyi ikusonyeza kuti...". Ngati chiganizocho chikukanika, nambalayo isiyeni m'buku. Pa Freddy ine ndimasunga zisanu. Choyamba ndi masiku 36, nthawi imene anakhala ndi mphamvu ya namondwe, imene bungwe loona zanyengo padziko lonse linatsimikizira mu Julaye 2024 kuti ndiyo yaitali kuposa ya namondwe wina aliyense wolembedwa m'mbiri. Nambalayi ikusonyeza kuti anapitiriza kupeza madzi ofunda omudyetsa. Chachiwiri ndi mtunda wa makilomita 12,785 umene anayenda kuchokera kufupi ndi Australia. Chachitatu ndi anthu 679 amene anatsimikizika kuti amwalira m'Malawi pamodzi ndi 537 amene anasowa. Chachinayi ndi anthu oposa 659,000 amene anasowa pokhala, mwa anthu oposa 2.2 miliyoni amene anakhudzidwa. Chachisanu ndi ndalama: kafukufuku wa boma ndi mabungwe othandiza anapeza kuti zowonongeka ndi zotayika zinakwana madola a ku America pafupifupi 507 miliyoni, pamene zofunika pokonzanso zinali pafupifupi madola 680 miliyoni.

Mukasankha, chitani kamasamu pang'ono pa nambala iliyonse, chifukwa nambala imene mwaigwiritsapo ntchito siituluka msanga m'mutu. Mukaphatikiza 679 ndi 537 mupeza 1,216, ndipo apa mumvetsa chifukwa chake malipoti ena amanena za anthu oposa 1,200 pamene ena amanena 679. Onse akunena zoona, koma ena akuwerengera osowa pamodzi ndi omwalira. Mukagawa 659,000 ndi 2.2 miliyoni mupeza kuti mwa anthu khumi alionse okhudzidwa, atatu anachoka m'nyumba zawo. Mukagawa makilomita 12,785 ndi masiku 36 mupeza makilomita 355 pa tsiku, amene ndi pafupifupi makilomita 15 pa ola, liwiro la munthu wopalasa njinga. Kamasamu kameneka kamachotsa chisokonezo chimene ndimachipeza chaka chilichonse, cholephera kusiyanitsa liwiro la mphepo yozungulira mkati mwa namondwe ndi liwiro limene namondweyo amayendera: mphepo imathamanga koopsa, koma namondwe mwini amayenda pang'onopang'ono, ndipo kuchedwa kumeneko ndiko kumachititsa kuti mvula ikhuthukire malo amodzi kwa masiku angapo.

Pambali pa nambala iliyonse lembani ndi pensulo kumene mwaitenga ndi nthawi imene inatuluka. Izi n'zofunika kwambiri pa ngozi zogwa mwadzidzidzi, pakuti m'masiku awiri oyamba nyuzipepala zinkanena za omwalira osakwana 200, ndipo nkhani zimenezo zikadalipo pa intaneti mpaka lero. Wophunzira wina anabwera ndi khadi lokhala ndi nambala ya tsiku lachiwiri la ngoziyo, ataikopera mosamala ndithu, osadziwa kuti inali itasintha kangapo pambuyo pake. Chizindikiro cha nambala yoyambirira ndi mawu monga akuti "mpaka pano" kapena "chiwerengerochi chikhoza kukwera", ndipo mukawaona funani lipoti lotuluka patapita milungu kapena miyezi. Kumbukiraninso kuti mabuku a ku South Africa amalemba manambala mosiyana ndi mmene tinazolowera kumudzi: amaika koma pamene ife timaika kadontho, monga 26,5 m'malo mwa 26.5, ndipo masauzande amawalekanitsa ndi mpata, monga 12 785. Pa khadi lanu tsatirani kalembedwe ka mayeso amene mukulemba, ndipo musaiwale kulemba muyeso wake, kaya ndi makilomita, madigiri kapena madola.

Zoyambitsa zilembedwe ngati unyolo

Apa ndi pamene makhadi ambiri amafera. Wophunzira amalemba kuti "nyanja yofunda" n'kuganiza kuti wamaliza, koma mawu awiri amenewa sangamupatse malikisi awiri pa funso lofuna kufotokoza. Choyambitsa chilichonse chilembedwe ngati unyolo wa mphete zitatu kapena zinayi zolumikizidwa ndi timivi, kuti poyankha muzingoika mawu akuti "chifukwa", "motero" ndi "zimene zimachititsa" m'malo mwa timiviwo. Unyolo woyamba pa khadi lathu ukhale wotere: madzi a pamwamba pa nyanja ofunda kufika madigiri 26.5 kapena kuposa amachititsa kuti nthunzi ichuluke. Nthunziyo ikakwera n'kusanduka mitambo imatulutsa kutentha kumene kunabisika mwa iyo. Kutenthako kumapepukitsa mpweya ndi kuukweza kwambiri, motero pansi pamakhala dera la mpweya wopepuka limene limakoka mphepo yochokera mbali zonse. Unyolo wachiwiri ndi wa mphamvu ya Koriyolisi, yobwera chifukwa cha kuzungulira kwa dziko, imene imakhotetsa mphepoyo kuti izungulire motsata mivi ya wotchi kum'mwera kwa ikweta. Mphamvuyi ndi yochepa kwambiri pafupi ndi ikweta, n'chifukwa chake anamondwe sabadwa mkati mwa madigiri asanu kuchokera pamzerewo.

Maunyolo awiriwa akufotokoza namondwe, koma sakufotokoza ngozi, ndipo kusiyana kumeneku ndiko ndimafuna kuti mwana aliyense akumvetse. Jambulani mzere pakati pa gawo la zoyambitsa: kumanzere kukhale zoyambitsa namondwe, kumanja kukhale zimene zinachititsa kuti namondweyo akhale tsoka lalikulu ku Malawi. Kumanjako mulembe kuti mwezi wa Malichi ndi kumapeto kwa dzinja, pamene nthaka inali itamwa kale madzi ambiri, motero mvula yatsopano inalibe kolowera ndipo inathamanga pamwamba. Mulembenso kuti mapiri a kum'mwera, monga Mulanje amene nsonga yake ya Sapitwa imafika mamita 3,002, amakakamiza mpweya wachinyezi kukwera, zimene zimawonjezera mvula m'mbali mwake. Unyolo wachitatu ndi wa anthu: kudula mitengo ya makala ndi nkhuni m'mapiri ozungulira Blantyre kunachotsa mizu yogwira dothi, ndipo kusowa kwa malo otsika mtengo mumzinda kunakankhira mabanja kukamanga m'malo otsetsereka, motero matope ndi miyala yochokera m'phiri la Soche zinatsikira pa nyumba za ku Chilobwe. Makolo athu zoterezi amazitchula kuti napolo, ndipo ine ndimalimbikitsa ana kulemba mawu amenewa pakona pa khadi, chifukwa mwana amene anamvapo agogo ake akusimba za napolo wa ku Phalombe wa mu 1991 saiwala kuti kugumuka kwa phiri kumeneku sikunayambe ndi Freddy.

Pali msampha umodzi wokhudza dzina. Mafunso akale amakonda kufunsa kuti ndi anamondwe angati anabwera m'nyengo imeneyo asanafike amene watchulidwa, ndipo yankho limapezeka powerenga zilembo za alifabeti, chifukwa mndandanda wa mayina a kum'mwera chakumadzulo kwa nyanja ya India umayambiranso pa chilembo choyamba nyengo iliyonse. Koma Freddy anapatsidwa dzina ndi a zanyengo a ku Australia, amene mndandanda wawo umangopitirira chaka ndi chaka, choncho njira yowerenga zilemboyi siigwira bwino pa iye. Mzere umodzi wa chenjezo limeneli pansi pa khadi ndi wokwanira.

Zotsatira

Gawo ili ndi losavuta, ndipo sitichedwapo. Gawani zotsatira patatu monga mmene mafunso amazigawira, za pa anthu, za pa chuma ndi za pa chilengedwe, ndipo pa gulu lililonse mulembe chimodzi cha nthawi yomweyo ndi chimodzi cha nthawi yaitali. Pa anthu, cha nthawi yomweyo ndi imfa ndi kusowa pokhala, pamene cha nthawi yaitali ndi kusokonekera kwa maphunziro chifukwa masukulu ambiri anasanduka misasa. Pa chuma, misewu ndi milatho inaduka kotero kuti thandizo ndi malonda sizinkafika m'madera ena, ndipo chimanga chimene chinali pafupi kukhwima chinakokoloka, zimene zinabweretsa njala miyezi yotsatira. Pa chilengedwe, dothi lachonde linakokoloka m'mapiri ndipo mchenga unakwirira minda ndi kudzaza mitsinje m'zigwa. Onjezani kuti ngoziyi inapeza dziko lili kale pakati pa mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022, ndipo kuwonongeka kwa zimbudzi ndi mijigo kunawonjezera chiopsezo. Chofunika kusamala ndi kuika chinthu m'gulu lake, chifukwa funso likafuna zotsatira za pa chilengedwe inu n'kulemba za milatho, mfundoyo ngakhale ili yoona siipeza malikisi.

Mfundo zounika

Kuunika si kubwereza zotsatira m'mawu ena, ndiponso si kulemba kuti boma likanayenera kuchita zambiri. Kuunika ndi kuweruza: kunena kuti njira ina inathandiza mpaka pati, inalephera pati, ndipo umboni wake ndi uti. Kuti mfundo younika ikhale yathunthu iyenera kukhala ndi miyendo itatu ngati mafuwa, ndiyo chimene chinachitika, malire ake, ndi chigamulo chanu. Mwendo umodzi ukasowa mphika sukhala.

Tiyeni tipange mfundo yoyamba. Chimene chinachitika n'chakuti nthambi ya zanyengo ku Malawi inachenjeza anthu namondwe asanafike, chifukwa njira yake inkaoneka pa zithunzi za setilaiti kwa milungu ingapo. Malire ake ndi akuti chenjezo limathandiza munthu amene ali ndi kothawira ndiponso amene akudziwa mtundu wa ngozi imene ikubwera. Anthu a m'chigwa cha Shire ku Nsanje ndi ku Chikwawa amadziwa kusefukira kwa madzi, koma banja lokhala m'mbali mwa phiri mumzinda limadziona ngati lili pamalo okwera ndi otetezeka. Chigamulo chimene ine ndingalembe n'chakuti chenjezo linali lofunika koma losakwanira palokha, chifukwa linafunika kutsagana ndi mapu a malo amene angagumuke komanso malo okonzedweratu osungirako anthu. Inu mukhoza kugamula mosiyana, malinga ngati mwendo wachiwiri ukuchirikiza chigamulocho.

Mfundo yachiwiri imachokera pa kuyerekeza, ndipo ndiyo imene ndimaikonda kwambiri pa khadi limeneli. Freddy anagunda Mozambique kawiri ali ndi mphepo yamphamvu yochokera m'nyanja, ndipo kumeneko anthu oposa 180 anamwalira, pamene ku Malawi, kumene anafika atafooka kale chifukwa chosowa madzi ofunda ndiponso chifukwa cha kukhulana ndi mtunda, omwalira ndi osowa anaposa 1,200. Ziwerengero ziwirizi zikaikidwa pamodzi zimanena chinthu chimene chilichonse pachokha sichinganene, chakuti kukula kwa tsoka sikudalira mphamvu ya mphepo yokha, koma mvula, mapiri ndi kumene anthu amakhala. Wophunzira amene wagwira mfundo imeneyi akhoza kuyankha funso la namondwe wina aliyense, kaya ndi Idai wa mu 2019 kapena Ana wa mu 2022, chifukwa amadziwa kufunsa kuti anthu anafa ndi chiyani kwenikweni.

Mfundo yachitatu ikhudze zimene zinachitika pambuyo. Lazarus Chakwera, amene anali Pulezidenti wa Malawi pa nthawiyo, analengeza pa 13 Malichi 2023 kuti chigawo cha kum'mwera chili pa ngozi, zimene zinatsegula njira yopemphera thandizo la kunja, koma kulengeza kotere kumabwera tsoka litagwa kale, motero kumachepetsa kuvutika osati imfa za tsiku loyamba. Apa mugwiritsenso ntchito ziwerengero zanu za ndalama: zofunika pokonzanso zinaposa zowonongeka ndi madola pafupifupi 173 miliyoni, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti kumanganso mlatho mmene unalili kale ndi kuitana ngozi yomweyo, pamene kumanga wolimba kumadya ndalama zambiri. Mukatero nambala ija yasiya kukhala yongokongoletsa khadi, yasanduka umboni.

Ngati khadi ndi la bizinesi

Mafupa a khadi sasintha, koma magawo ake amatsata zida za phunzirolo. Tengani chitsanzo cha kuzimazima kwa magetsi kumene tonse kuno tinakuona, makamaka mu 2023. Pa ziwerengero mungalembe kuti siteji iliyonse imatanthauza kuchotsa mamegawati pafupifupi 1,000 pa magetsi a dziko lonse, kotero siteji 6 ndi mamegawati 6,000, ndiponso kuti boma linalengeza vutoli kukhala ngozi ya dziko mu Febuluwale 2023. Kutsogolo kwa khadi, m'malo mwa mapu, lembani kuti vutoli lili m'gulu liti mwa magulu atatu a zinthu zozungulira bizinesi: zamkati zimene mwini bizinesi amazilamulira, zamsika zimene angathe kuzikhudza pang'ono, ndi zakunja zimene sangazilamulire konse. Kuzima kwa magetsi kuli m'gulu lachitatu, choncho mfundo zounika zisakhale zothetsa vutolo, koma zoyesa njira zimene bizinesi ingadzitetezere. Jenereta imasunga furiji ya sipaza kuti nyama ndi mkaka zisaonongeke, koma mafuta ake amadya phindu tsiku ndi tsiku, pamene sola imafuna ndalama zambiri poyamba ndipo imavuta kwa munthu wochita lendi. Chigamulo chimadalira kukula kwa bizinesiyo ndi mtundu wa katundu wake. Pa nkhani yaitali ya malikisi 40 ya mayeso a bizinesi pali malikisi ochepa operekedwa chifukwa cha zitsanzo zatsopano, ndiye pa khadi lililonse la bizinesi lembani chaka moonekera, ndipo chitsanzo chikakalamba mupange khadi lina.

Kuyesa khadi

Khadi likatha musaliike m'chikwama n'kuganiza kuti ntchito yatha. Litembenuzeni kuti muzingoona kutsogolo kwake, tengani pepala loyera, ndipo mulembe zonse za kuseri kuchokera m'mutu. Kenaka yerekezani ndi khadi, ndipo paliponse pamene mwaiwala kapena mwalakwitsa ikani kadontho kofiira pa khadipo. Mukabwereza mawa lake, kenaka patapita masiku atatu, kenaka patapita sabata, timadonthoto tidzakuuzani zoona. Ngati nambala imodzi yasonkhanitsa timadontho titatu, kawirikawiri vuto si mutu wanu koma nambalayo, chifukwa siinalumikizidwe ndi mfundo iliyonse. Ipezereni chiganizo chake kapena muifufute. Ngati mukukumbukira mphete yoyamba ndi yomaliza ya unyolo koma yapakati ikusowa, ndiye kuti simunamvetse mmene chinthucho chimachitikira, ndipo muyenera kubwerera ku buku kapena kwa aphunzitsi musanapitirize kuloweza.

Kuyesa kwachiwiri ndiko kwenikweni. Tengani funso la ndime ya malikisi 8 m'pepala lakale lokhudza namondwe wina, mudzipatse mphindi khumi, ndipo muyankhe khadi lili kutali. Mukamaliza werengani kuti mwalemba mfundo zingati zokhala ndi chifukwa chake, osati mizere ingati. Zikakwana zinayi ndipo memo ikugwirizana nazo, khadi lagwira ntchito. Zikapanda kukwana, onani ngati mfundo yosowayo inalipo pa khadi: ngati inalipo, vuto ndi kubwereza, ngati panalibe, khadi ndilo lofunika kukonza, ndipo muchotse chinthu chimodzi chosathandiza kuti mfundo yatsopanoyo ipeze malo, m'malo mochepetsa zilembo mpaka zosawerengeka.

Kwa makolo amene mukufuna kuthandiza koma jogalafe munaisiya kalekale, pali ntchito imene mungaigwire bwino kuposa wina aliyense. Gwirani khadi m'manja, mwana afotokoze unyolo umodzi m'Chichewa, ndipo paliponse pamene simunamve mufunse kuti "chifukwa chiyani?" mpaka atafotokoza momveka. Mwana amene angathe kuuza amayi ake m'chilankhulo cha pakhomo chifukwa chake phiri la Soche linagumuka sadzavutika kulemba zomwezo m'Chingerezi. Makhadi amene adutsa mayeso awiriwa amangidwe pamodzi ndi kalabala m'thumba lapulasitiki kuti asanyowe, ndipo aziwerengedwa m'tekisi popita kusukulu, pamene amene akadali ndi timadontho tofiira atsale patebulo kuti alembedwenso mayeso oyeserera a mu Seputembala asanafike.